Kodi wapaulendo woyenda theka la njira yotsala adzafika pachitseko?

"Ndimaphunzitsa Sitandade 6 kuno ku Ndirande. Ndinalembera ana anga kanthano ka munthu wapaulendo amene nthawi zonse amayenda theka la mtunda wotsala kuti afike pachitseko. Nditawerenga m'kalasi, mtsikana wina anafunsa kuti, 'Madamu, ndiye kuti ifenso sitifika kunyumba tikaweruka?' Ndinasowa chonena. Kodi wapaulendoyu amafika kapena ayi, nanga nthanoyi ndiikonze bwanji kuti ndisanamize ana?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo, simunanamize mwana aliyense. Mtsikanayo wafunsa funso lomwe linavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 2,000. Amene analiyambitsa ndi Zeno, Mgiriki wa mumzinda wa Elea, dera lomwe lero lili kummwera kwa Italy, zaka zoposa 2,400 zapitazo, ndipo mfundo zake timazidziwa makamaka kudzera m'zolemba za Aristotle amene ankazitsutsa. Tanthauzo lomveka bwino la chimene a masamu amati limiti, kutanthauza malo amene ulendo wotere walunjika, linakhazikika mochedwa kwambiri, m'zaka za m'ma 1800, ndipo buku la mu 1821 la Cauchy, katswiri wa masamu wa ku France, ndi limodzi mwa amene anatsegula njira. Choncho mwana wa Sitandade 6 akakuimitsani pamenepa, ndiye kuti amamvetsera.

Vuto la nthano yanu ndi limodzi: simunanene za nthawi. M'nkhaniyi muli nthano ziwiri zogona pamphasa imodzi, ndipo mayankho ake ndi osiyana. Yoyamba ndi ya munthu amene walamulidwa kuti aziyenda theka la njira yotsala kenako n'kuima, kudikira chizindikiro, n'kuyendanso theka. Ameneyu sadzakhudza chitseko. Yachiwiri ndi ya munthu amene akungoyenda bwinobwino osaima, ife owonera n'kumadula ulendo wake m'matheka pakamwa pokha. Ameneyu amafika, ngati mmene ana anu amafikira kwawo tsiku lililonse. Mwanayo anamva nthano yoyamba n'kuiyesa pa moyo wake, umene uli nthano yachiwiri. Mankhwala ake ndi kuika anthu awiri m'nthanomo, ndi kuikamo chinthu chowerengera nthawi chimene ana angachimve ndi makutu. Ng'oma imagwira bwino ntchito imeneyi.

Sankhaninso mtunda woti ugawike kangapo usanafike pa zidutswa. Mamita 16 ndi abwino chifukwa amatsika 8, 4, 2, 1 popanda chovuta, ndipo amakwana pabwalo la sukulu. Mukatenga mamita 10, pa sitepe yachiwiri muli kale pa 2.5, ana ayamba kulimbana ndi madesimali n'kuiwala nkhani.

Nthanoyo ikhoza kuyenda motere.

Padangotero. (Tili tonse.) Padali Fisi, wapaulendo, amene adayenda tsiku lonse osalawa kanthu. Dzuwa litapendeka adamva kafungo ka nyama kuchokera m'nyumba ya Kalulu. Adaima pampanda n'kukuwa, "Odi kuno!" Kalulu adatuluka ndi kang'oma kake kukhwapa nati, "Fikani, achimwene. Mphika uli pamoto m'nyumbamu, ndipo mukangokhudza chitseko ndi nsonga ya ndodo yanuyo, nyama yonse ndi yanu. Koma pakhomo pano pali mwambo. Ng'oma ikalira kamodzi, mlendo amayenda theka la njira imene yamutsalira, n'kuima." Fisi adayang'ana chitseko. Padali mamita 16 okha. Adaseka nati, "Imbani msanga!"

Ng'oma idati du! Fisi adathamanga mamita 8. Du! Adayenda mamita 4. Du! Mamita 2. Du! Mita imodzi. Malovu adayamba kuchucha, poti chitseko chidali apa. Du! Adasendera theka la mita. Du! Kotala. Tsopano sankayendanso, ankangokhwekhwereza nsonga ya ndodo pansi. "Kalulu, kwatsala kangati?" Kalulu adati, "Kwatsala theka la pamene munatsala paja."

Pamenepo padatulukira Kamba, amene adanyamuka pampanda pomwe paja nthawi imodzi ndi Fisi. Iye za mwambo sadazimve, poti makutu ake ndi ovuta. Ankangoyenda mita imodzi pa kulira kulikonse kwa ng'oma, osafulumira, osaima. Ng'oma italira ka 16, Kamba adagogoda pachitseko.

Imani pomwepo, musamalize. Funsani ana kuti, "Nanga Fisi ali pati?" Asiyeni akangane kaye.

Tsopano tione manambala amene inu muyenera kukhala nawo m'mutu musanalowe m'kalasi. Ng'oma ikalira kanayi, Fisi watsala ndi mita imodzi. Kachisanu, masentimita 50. Kachisanu ndi chimodzi, 25. Kenako 12.5, kenako 6.25, ndipo pofika ka 10 watsala ndi masentimita 1.56, pafupifupi kunenepa kwa chala. Ikalira ka 14 mpata watsika pansi pa milimita imodzi, kaja kamzere kakang'ono ka pa rula. Pamene Kamba akugogoda, ka 16, Fisi watsala ndi pafupifupi kotala la milimita. Pofika ka 20 mpata ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Njira yachidule yokumbukira ndi iyi: kulira 10 kulikonse kumachepetsa mpata ka 1,024, tingoti ka 1,000. Koma mpatawo sufika pa ziro, pa chifukwa chimene mwana aliyense angachimve: theka la chinthu ndi chinthu ndithu. Kuti theka likhale ziro, ndiye kuti chimene munachigawacho chinali ziro kale.

Pali chinthu china chokongola m'manambalawa chimene ndikufuna ana achipeze okha. Lembani pabolodi mtunda umene Fisi wayenda: 8, kenako 12, kenako 14, kenako 15. Pambali pake lembani wotsala: 8, 4, 2, 1. Afunseni chimene akuona. Wina adzazindikira kuti mtunda wotsala nthawi zonse ndi wofanana ndi sitepe imene Fisi wangoyenda kumene. Wayenda mamita 2, watsala ndi 2. Wayenda mita imodzi, watsala ndi imodzi. Apa ndi pamene pagona masamu onse a nthanoyi, chifukwa zikutanthauza kuti mtunda woyendedwa ndi 16 kuchotsapo sitepe yomaliza, ndipo sitepe yomalizayo ikunka ichepa mopanda poima.

Ndiye limiti n'chiyani? Pano ndi pamene nthano zambiri zamtunduwu zimaterereka. Ambiri amauza ana kuti limiti ndi malo amene umayandikirayandikira koma osafika. Mawu amenewa amamveka bwino, koma ndi olakwika mbali ziwiri, ndipo mphika wa Kalulu ukuthandizani kuonetsa mbali yoyamba. Tinene kuti mphikawo uli mamita 3 kuseri kwa chitseko. Ng'oma ikalira, Fisi amayandikira chitseko, komanso amayandikira mphika. Pa mphikapo safikanso. Kodi ndiye kuti mphika nawo ndi limiti? Ayi. Mpata wa pakati pa Fisi ndi mphika umachepa, inde, koma sudzatsika pansi pa mamita 3. Mpata wa pakati pa Fisi ndi chitseko ndiwo umatsika pansi pa kachinthu kalikonse kamene mungatchule. Kusiyana kumeneku ndiye tanthauzo lenileni la limiti. Chitseko ndi malo okhawo m'dziko lonse amene tinganene kuti: tchulani mpata uliwonse, ngakhale wochepa bwanji, ine ndikuuzani kulira kwa ng'oma kumene Fisi adzakhale pafupi kuposa pamenepo, ndipo kuyambira pamenepo sadzatalikiranso.

Kwa ana, musinthe zimenezi kukhala masewero opikisana. Gulu lina likhale la Kalulu, lina la Fisi. A Kalulu atchule mpata: "Sangayandikire kuposa kutalika kwa nsapato yanga!" Muyeze nsapatoyo, mwina masentimita 22. A Fisi ayang'ane pabolodi n'kuyankha kuti, "Ng'oma ikalira ka 7 watsala ndi 12.5, tapambana." A Kalulu atchule kakang'ono kuposa apo, njere ya mpunga, kenako tsitsi. Nthawi zonse a Fisi amakhala ndi yankho. Kenako tembenuzani: a Fisi anene kuti Fisi adzafika pa mita imodzi kuchokera pamphika, ndipo ayese kupeza kulira kwa ng'oma kumene zimenezi zidzachitike. Sadzakupeza. Mwana amene wasewera masewero awiriwa wagwira mfundo imene ophunzira a ku yunivesite amailemba ndi zilembo za Chigiriki, ngakhale dzina lake sakulidziwa.

Mbali yachiwiri yolakwika ndi mawu oti "osafika". Kusafika si mbali ya tanthauzo la limiti. Zangochitika kuti Fisi, chifukwa cha mwambo wa Kalulu, safika. Kamba ali ndi limiti yomweyo, chitseko, ndipo iye amafika. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti Kamba musamuchotse m'nthano ngakhale itatalika. Ndiponso samalani ndi mawu oti malire. Ndi mawu athu abwino, koma m'mutu mwa mwana malire ndi a munda, mzere umene ukaudumpha pabuka mlandu. Ndi bwino kunena kuti "malo amene ulendowu walunjika", n'kudzatchula dzina loti limiti kumapeto, ana atamva kale nkhani.

Tibwerere kwa Kamba, chifukwa ndiye yankho la mtsikana wanu uja. Ulendo wa Kamba nawo tikhoza kuudula m'matheka. Theka loyamba, mamita 8, amaliyenda ng'oma ikulira ka 8. Mamita 4 otsatira amamutengera ka 4 kokha. Kenako kawiri, kenako kamodzi, kenako theka la nthawi ya pakati pa du ndi du mnzake, kenako kotala. Mwaona chimene chikuchitika? Zidutswa za njira zikuchepa, ndipo zidutswa za nthawi zikuchepa nazo limodzi. Nthawi yonse ndi 8 + 4 + 2 + 1 + 1/2 + 1/4 ndi kumapitirira, ndipo limiti yake ndi 16 ndendende. Zidutswa n'zosatha kuwerenga, koma zonse pamodzi zimakwana m'kulira 16. Kwa Fisi zinthu n'zosiyana: kaya ayende mamita 8, kaya asendere kotala la milimita, amalipira kulira kumodzi kwathunthu. Nthawi yake ndi 1 + 1 + 1 + 1 mpaka kalekale, ndipo imeneyi ilibe pothera. Zeno ankadalira maganizo oti zinthu zosatha ukaziphatikiza ziyenera kupereka chinthu chosatha. Matheka amaonetsa kuti si nthawi zonse.

Choncho mwanayo mumuyankhe mwachidule kuti: "Iwe ukamapita kwanu umayenda ngati Kamba. Palibe amene amakuimitsa pa theka lililonse. Theka laling'ono umalidutsa m'kanthawi kakang'ono, ndiye umafika."

Kuti ana aone ndi maso, tengani pepala limodzi la A4 ndi lina lofanana nalo loyala pansi. Dulani loyambalo pakati, ikani theka pamwamba pa loyalalo. Theka lotsala lidulaninso pakati, ikani chidutswa pambali pa choyamba chija. Pitirizani. Pepala lapansi likunka likwiririka, ndipo kamalo kosakwiririka nthawi zonse n'kofanana ndi kachidutswa kamene kali m'manja mwanu. Chofunika apa n'chakuti ana aone kuti zidutswazo sizidzasefukira kunja kwa pepala, poti zonse zachokera m'pepala limodzi. Ena amaganiza kuti ukamangowonjezera osaleka, uyenera kudzapitirira chitseko. Pepalali limathetsa maganizo amenewa popanda mawu ambiri. Gwiritsani sizasi, chifukwa mukang'amba ndi manja matheka amatuluka okhota, ndipo pofika kachisanu ndi chimodzi chithunzi chasokonekera. Pabwalo, chingwe cha mamita 16 chimathandiza: mukachipinda pakati chimakupatsani theka popanda tepi yoyezera, ndipo ana aziika mwala kapena chitsekerero cha botolo pamene Fisi waima. Mudzaona miyala ikuunjikana pafupi ndi chitseko. Musapitirire ka 7 kapena ka 8, chifukwa kuchoka apo miyalayo ndi yaikulu kuposa mipata.

Pali zinthu zitatu zimene ana amatsutsa nazo, ndipo onse amakhala ndi mfundo. Woyamba adzati Fisi angotambasula dzanja. N'chifukwa chake m'nthano ndaikamo nsonga ya ndodo: tikuyeza kuchokera pa kadontho kamodzi, osati thupi lonse la Fisi. Wachiwiri adzati ikalira ka 20 ndiye kuti wakhudza basi, palibe angaone mpatawo. Muvomereni. M'dziko lenileni ndodo ndi chitseko zili ndi timabampu toposa mpata umenewo, ndipo dzanja limanjenjemera. Muuzeni kuti maso ndi rula zili ndi polekezera, koma nambala ilibe, ndipo nthanoyi ikukamba za nambala. Musamuumirize kukhulupirira kuti fisi weniweni angaime pamenepo mpaka muyaya. Wachitatu adzabwera ndi kakyuleta. Akalemba 16 n'kumagawa ndi 2 mobwerezabwereza pa kakyuleta wamba wa manambala 8, asanafike ka 30 adzaona 0 n'kunena kuti, "Madamu, wafika!" Ziro ameneyo ndi wa makina, amene malo olembapo manambala atha. Mupempheni achulukitse 0 ameneyo ndi 2 kuti abwerere mmbuyo. Akaona kuti 16 sakubweranso, adziwa kuti makinawo anataya kanthu panjira.

Chenjezo lina ndi la inu aphunzitsi, kuti musalowetse m'nthano chiganizo choti "popeza masitepe akuchepa, ulendo uli ndi pothera". Si zoona. Taganizani za Chule amene amadumpha mita imodzi, kenako theka, kenako gawo limodzi mwa atatu, kenako limodzi mwa anayi, limodzi mwa asanu, motero. Kudumpha kwake kukuchepa ndithu. Koma 1/3 ndi 1/4 pamodzi zimaposa theka. Zinayi zotsatira, kuyambira 1/5 mpaka 1/8, zimaposanso theka, chifukwa chilichonse sichichepera 1/8. Zisanu ndi zitatu zotsatira, chimodzimodzi. Ndiye kuti Chule amatolera matheka a mita osatha, ndipo adzadutsa chitseko chilichonse. Amapitirira mamita 3 pa kudumpha kwa 11, mamita 4 pa kwa 31, mamita 5 pa kwa 83, ndipo mamita 16 a Kalulu angawadutse atadumpha pafupifupi ka 5 miliyoni. Umboni wosonkhanitsa m'magulu umenewu anaupeza Nicole Oresme wa ku France m'zaka za m'ma 1300. Chimene chimapatsa ulendo wa Fisi pothera si kuchepa chabe kwa masitepe, koma kuchepa kwake mwamsanga. Chuleyu musamuike m'nthano ya Sitandade 6, adzasokoneza. Msungeni kuti mudzapatse mwana mmodzi kapena awiri amene adzabwere pa nthawi yopuma akufunabe zina.

Za mathero a nthano: pewani kuimaliza ndi Fisi atafa ndi njala pakhomo, kapena ndi phunziro loti dyera ndi loipa. Ana adzatenga phunzirolo n'kusiya masamu. Pewaninso mawu oti "pamapeto pake, ng'oma italira kosatha, adafika", chifukwa palibe kulira komaliza. Kulira kulikonse kuli ndi kotsatira. Mathero abwino ndi oti Kamba atsegule chitseko, atembenuke n'kufunsa Fisi kuti, "Achimwene, mukulowera kuti?" Fisi n'kuyankha kuti, "Pachitseko pomwepa, osati patsogolo pake, osati kumbuyo kwake." Mawu amenewa ndi oona m'masamu, ndipo ana akhoza kuwaloweza. Nthano yonse isapitirire mphindi zisanu powerenga, manambala a m'kati mwake asapitirire asanu ndi limodzi oyamba aja. Ena onse ndi a pabolodi.

Ana a Sitandade 3 kapena 4 akhoza kumva za Fisi ndi pepala lodulidwa, koma za nthawi ya Kamba zimafuna mwana amene wazolowera kuphatikiza theka ndi kotala. Ngati mwana sakutha kunena theka la theka, bwererani ku nzimbe kapena lalanje kaye, nthanoyi idikire.

Mukafuna kuisindikiza kapena kugawira masukulu ena, ipititseni kaye kwa mphunzitsi wa masamu wa ku sekondale amene amaphunzitsa mndandanda wa manambala ochulukitsidwa ndi nambala imodzimodzi, aone chiganizo chilichonse chimene chili ndi mawu oti "sadzafika", "kosatha" kapena "pamapeto". Zolakwa zimabisala m'mawu atatu amenewa. Ndipo mtsikana uja akadzabwera ndi funso loti kodi 0.999 yopitirira osatha ndi yofanana ndi 1, yankho ndi inde, chifukwa kalembedwe kameneko kamaimira limiti yeniyeniyo, chitseko, osati malo amene Fisi waima. Akapitirira apo n'kuyamba kufunsa ngati zosatha zina zimaposa zinzake, mufunireni munthu wa masamu wa ku MUBAS, paja ambiri timangoti ku Poly, kapena mphunzitsi wa sekondale yapafupi, akhale naye pansi ndi pepala ndi pensulo.